Mgwirizano wa kampani ndi wogulitsa katundu wake ukatha: katundu wotsala ndi komishoni zimatani?

Kalata yothetsa mgwirizano imakhala yaifupi. Imatchula tsiku limene ntchito idzathere, imathokoza chifukwa cha zaka zimene mbali ziwirizi zagwirira ntchito limodzi, ndipo nthawi zambiri siinena kanthu za makatoni amene adakali m'nyumba yosungiramo katundu kapena za maoda amene ali m'njira. Mkangano umabuka pambuyo pake, wina akamati kampani itenge katundu wake yense ndi kubweza ndalama, kampani nayo ikamati katunduyo inagulitsa kale ndipo si wake. Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti aliyense wogulitsa katundu wa kampani timamutchula ndi dzina limodzi, pomwe pamaso pa malamulo pali maudindo awiri osiyana kwambiri, ndipo yankho la pafupifupi funso lililonse limadalira pa udindo umene munthuyo anali nawo pa katundu amene akukanganiranayo.

Ejenti ndi wopikula

Ejenti ndi munthu kapena bizinesi imene imasakira kampani ogula, kukambirana nawo, ndipo nthawi zina kusaina pangano m'dzina la kampaniyo. Katundu sakhala wake. Wogula amagula kwa kampani, invoisi, imene ndi kalata yosonyeza katundu wogulitsidwa ndi ndalama zoyenera kulipidwa, imatuluka m'dzina la kampani, ndipo ejenti amalandira komishoni, kutanthauza gawo la ndalama za malonda amene wabweretsa. Ali ngati mtumiki wonyamula uthenga pakati pa anthu awiri: pangano likachitika limamanga awiriwo, osati iye.

Distiribyuta, amene m'nkhani ino tizimutchula kuti wopikula, amagula katundu kwa kampani ndi ndalama zake kapena pa ngongole, n'kumugulitsa m'dzina lake pa mtengo wake. Salandira komishoni, koma amadya kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Katundu akapanda kuyenda, amaluza ndi iyeyo.

Dzina lolembedwa pamwamba pa mgwirizano silithetsa nkhani. Makhoti amayang'ana mmene ntchito inkayendera: ndani ankatulutsa invoisi kwa wogula womaliza, ndani ankaika mtengo, ndani ankaluza wogula akalephera kulipira, ndiponso ngati katundu ankalipiridwa akangofika kapena atagulitsidwa. Ndipo si zachilendo kuti munthu mmodzi akhale ndi maudindo onse awiri pa kampani imodzi. Apa ndi pamene pamavuta kwambiri, ndiye tiyeni titsate nkhani yotereyi kuyambira pa kalata mpaka pa kuwerengerana komaliza.

Tiyerekeze kuti kampani yopanga mabatire yagwira ntchito zaka 4 ndi wogulitsa wina. Kwa ogula akuluakulu iye ndi ejenti wolandira komishoni ya 5 peresenti. Kampani inamusungitsanso mabatire ake kuti azipereka mwachangu kwa ogulawo. Kupatula apo, iye amagula mabatire ena ndi ndalama zake pa 1,000 lililonse n'kumagulitsa kwa ogulitsa ang'onoang'ono. Ziwerengerozi zikhoza kukhala za ndalama ya dziko lililonse. Pa 1 Malichi kampani yamulembera kuti mgwirizano udzatha pa 31 Meyi.

Miyezi ya notisi si nthawi yongodikira

Notisi ndi chidziwitso choperekedwa nthawi isanakwane kuti mgwirizano udzatha. Kutalika kwake kumachokera m'mgwirizano, ndipo ngati mgwirizano suunena kanthu, malamulo a mayiko ambiri amafuna nthawi yokwanira, poyang'ana zaka zimene ntchito yatenga, ndalama zimene wogulitsa anaikamo, ndi nthawi imene angafune kuti apeze malonda ena. Mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya anachita kuika ziwerengero m'lamulo lawo la maejenti la 1986: mwezi umodzi m'chaka choyamba, miyezi iwiri m'chaka chachiwiri, ndi miyezi itatu kuyambira chaka chachitatu. Dziko la Britain linatengera lamuloli m'malamulo ake a 1993. Lamulo limeneli limakhudza maejenti ogulitsa katundu, osati opikula, ndipo limagwira ntchito kumene linakhazikitsidwa kokha, koma tizilitchula chifukwa limayankha momveka mafunso amene m'mayiko ena amangosiyidwa m'manja mwa mgwirizano ndi oweruza.

Chofunika kumvetsa n'chakuti mpaka pa 31 Meyi mgwirizano uli moyo wonse. Kampani siingauze ogula kuti ayambe kudutsa kwa munthu watsopano m'dera limene inalonjeza kuti ndi la wogulitsa yekhayu, ndipo wogulitsa sangasiye ntchito kapena kuyamba kukankha katundu wa opikisana nawo ngati mgwirizano umaletsa. Pali funso limodzi limene ndi bwino kulikambirana sabata yoyamba yomwe: ngati mgwirizano umakakamiza wopikula kugula kuchuluka kwakutikwakuti mwezi uliwonse, kodi apitirize kugula pamene akudziwa kuti m'miyezi itatu sadzakhalanso wogulitsa wovomerezeka? Kumukakamiza kumangokulitsa mulu wa katundu wodzakanganirana, choncho mbali zambiri zimagwirizana molemba kuti lamulo logula liimitsidwe, ndipo maoda atsopano akhale okhawo amene ali kale ndi wogula.

Katundu wosungitsidwa

Mabatire amene kampani inasungitsa ndi a kampani, ndipo amabwerera kwa mwini wake popanda kugulidwa, pakuti munthu sagula chake. Ntchito yonse ili pa kuwerenga. Anthu a mbali zonse ziwiri amakumana pa tsiku logwirizana, amawerenga katundu mmodzimmodzi, amalemba manambala a batire lililonse ndi mmene likuonekera, amajambula zithunzi za lowonongeka, ndipo onse amasaina pepala limodzi. Kuwerenga kwa mbali imodzi yokha sikuthandiza, chifukwa inayo idzakukana.

M'nkhani yathu mabuku a kampani akusonyeza mabatire 200, koma opezeka ndi 188. Mabatire 12 osowawo sayenera kuwerengedwa ngati mulu umodzi. Pofufuza zapezeka kuti 7 anaperekedwa kwa wogula sabata yomaliza pa 1,300 lililonse ndipo lipoti linali lisanafike ku kampani. Amenewa ndi malonda wamba: ndalama zake ndi 9,100, komishoni yake ndi 455, ndipo ngati wogula analipira kwa ejenti, ejentiyo ayenera kupereka ndalamazo kwa kampani chifukwa anangozilandira m'malo mwake. Mabatire 3 anafika atasweka ndipo anabwezedwa ndi galimoto yomweyo, monga pepala lolandirira katundu likusonyezera, koma ku ofesi sanachotsedwe m'mabuku. Otsala 2 palibe akudziwa kumene anapita. Wosunga katundu wa mnzake amayenera kumusamala, ndipo katundu akasowa amayenera kufotokoza kapena kulipira. Mkangano wake umakhala pa mtengo: kampani imafuna mtengo wogulitsira, wosunga amafuna mtengo wopikulira. Pa mabatire 2 kusiyanaku ndi 600 chabe, koma pakasowa katundu wambiri nkhani ya mtengo imaposa nkhani ya chiwerengero.

Ndani alipire galimoto yobwezera katunduyo, ndipo ndani aluze akawonongeka panjira? Ngati mgwirizano suunena, zimenezi zilembedwe pa pepala lowerengera lomwelo galimoto isanapakire.

Katundu amene wopikula anagula yekha

Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa. Katundu amene wopikula anagula ndi wake, ndipo m'malamulo a mayiko ambiri kampani siikakamizidwa kumugulanso ngati sinalonjeze. Pali mayiko ena, monga Germany, kumene makhoti amatha kulamula kampani kutenganso katundu amene iyo yomwe inakakamiza wopikula kusunga, makamaka ngati mgwirizano sunathe chifukwa cha kulakwa kwa wopikulayo. Koma poyambira pamakhala pa mawu a mgwirizano, ndipo mawu ake ayenera kuwerengedwa mosamala. Ndime yoti kampani idzagulanso katundu wotsala ndi lonjezo limene wopikula angaliumirire. Ndime yoti kampani ikhoza kugulanso katundu wotsala ndi ufulu wa kampani yokha, umene ingaugwiritse ntchito kapena kuusiya, ndipo nthawi zina ingasankhe katundu woyenda malonda n'kusiya wogonera. Kusiyana kwa "idza" ndi "ikhoza" kumatha kukhala ndalama zonse zimene munthu anaika m'nyumba yosungiramo katundu.

Ngakhale pamene kampani sinalonjeze, nthawi zambiri imakhala ndi chifukwa chake chofunira katunduyo. Wopikula wotsala ndi katundu wambiri amene akufuna ndalama mwachangu amagwetsa mtengo, ndipo wogulitsa watsopano amayamba ntchito pamsika umene mtengo wake waphwanyidwa kale. Wopikula nayenso amadziwa kuti akangotaya dzina la wogulitsa wovomerezeka, ogula amayamba kukayikira ngati katundu wake ali ndi chitsimikizo cha kampani. Motero mbali zonse ziwiri zili ndi chotaya, ndipo n'chifukwa chake nkhani zambiri zoterezi zimathera pa kukambirana.

Mgwirizano wa m'nkhani yathu umati kampani idzagulanso katundu wosatsegulidwa, wogulidwa m'miyezi 12 yapitayi, pa mtengo wa pa invoisi kuchotsera 10 peresenti. Malire a miyezi ali ndi chifukwa chomveka, pakuti batire limataya mphamvu likakhalitsa osagwira ntchito, ndipo 10 peresentiyo amati ndi yolipirira kuyesanso, kunyamula ndi kusunga. Wopikula watsala ndi mabatire 180. Mwa amenewa 120 ndi osatsegulidwa ndipo ndi atsopano, 40 apitirira miyezi 12, ndipo 20 anatsegulidwa kuti aziwonetsedwa kwa ogula. Olowa m'ndime ija ndi 120 okha.

Munthu angawerenge mwachangu kuti 120 kuchulukitsa ndi 900 ndi 108,000. Koma pali mfundo ina. Mabatire 50 mwa 120 amenewa ndi a invoisi yomaliza ya 50,000 imene wopikula sanailipire, ndipo mgwirizano uli ndi ndime yofala kwambiri pa malonda a ngongole, yoti katundu amakhalabe wa kampani kufikira atalipiridwa yense. Kampani ikuwerenga motere: igula onse 120 pa 900, zimene ndi 108,000, ichotsepo ngongole ya 50,000, ndipo ipereke 58,000. Wopikula akuwerenga mwina: mabatire 50 aja sanakhalepo ake, choncho akungobwerera kwa mwini wake ndipo invoisi yawo ifufutidwe yonse, kenaka kampani igule 70 otsalawo pa 900, zimene ndi 63,000. Kusiyana kwake ndi 5,000, ndipo palibe mbali imene ikunama. Kampani ikuti malonda anachitika pa 1,000 ndipo ngongole ilipo, wopikula akuti kampani singamuchotsere 10 peresenti pa katundu amene iyo yomwe imanena kuti ndi wake. Yankho limadalira mmene ndime ziwirizo zinalembedwera ndi lamulo lolamulira mgwirizanowo, koma amene waona msanga kuti pali njira ziwiri zowerengera amakambirana modziwa chimene akusiya kapena kulandira.

Mawu akuti mtengo wa pa invoisi nawonso ali ndi msampha. Ngati wopikula ankalandira kuchotseredwa kumapeto kwa chaka chifukwa chogula wambiri, kampani idzanena kuti mtengo weniweni umene analipira ndi wotsika kuposa wolembedwa, ndipo idzafuna kuyambira pamenepo. Ngati katundu anachokera kunja kwa dziko, wopikula adzanena kuti analipiranso msonkho wa pachipata ndi mayendedwe, zimene invoisi siisonyeza ndipo kawirikawiri sizibwezedwa.

Mabatire 60 otsala amafuna nthawi yogulitsira zotsala, imene ndi miyezi yogwirizana, mwachitsanzo 6, pamene wopikula amaloledwa kupitiriza kugwiritsa ntchito dzina ndi chizindikiro cha kampani pogulitsa katundu ameneyu yekha. Zinthu ziwiri ziyenera kumveka bwino. Choyamba, kodi kampani idzalemekeza chitsimikizo chake pa batire logulitsidwa m'nthawi imeneyi, ndipo wogula akadandaula apite kwa ndani? Chachiwiri, kodi wopikula ali ndi ufulu wotsitsa mtengo? Kampani ingafune kumuikira mtengo wosatsikirapo, koma malamulo a mpikisano wa malonda m'mayiko ambiri amaletsa kampani kulamula mtengo umene wopikula agulitsire katundu wake. Njira yotsala kwa kampani yoopa kugwa kwa mtengo ndi kugula katunduyo ngakhale pa mtengo wotsika.

Komishoni: tsiku la oda, tsiku lopereka katundu, tsiku lolipira

Komishoni siibadwa tsiku limodzi. Pali tsiku limene wogula anapereka oda, tsiku limene kampani inaivomera, tsiku limene katundu anaperekedwa, ndi tsiku limene ndalama zinalowa, ndipo pa malonda akuluakulu masiku amenewa amatalikirana miyezi. Mgwirizano ukatha pakati pawo, funso limakhala lakuti ndi tsiku liti limene limapatsa ejenti ufulu, ndipo ndi liti limene limangonena nthawi yolandirira. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Ndime yoti komishoni imalipidwa wogula akalipira ikhoza kungotanthauza kuti ejenti adikire, osati kuti ufulu wake umafa mgwirizano ukatha ndalama zisanalowe. Tiyeni tione maoda anayi a m'nkhani yathu.

Oda yoyamba, ya 400,000, inabwera mu Febuluwale, katundu anaperekedwa ndipo wogula analipira mu Epulo. Komishoni yake ndi 20,000 ndipo palibe chokambirana. Ngakhale mgwirizano utatha chifukwa cha kulakwa kwa ejenti, komishoni imene anaigwirira kale ntchito kawirikawiri imakhalabe yake, ngakhale kampani ikhoza kukhala ndi dandaulo lake lapadera pa zimene inaluza.

Oda yachiwiri, ya 300,000, inafika pa 25 Meyi, kampani inaivomera mu Juni ndipo katundu adzaperekedwa mu Julayi. Lamulo la ku Ulaya lija limanena momveka kuti oda imene yafika kwa kampani kapena kwa ejenti mgwirizano usanathe imapatsa ejenti komishoni, ngakhale pangano la malonda litamangidwa pambuyo pake. Kumene kulibe lamulo lotere, mawu a mgwirizano ndiwo amalamula, ndipo ngati amati komishoni ndi ya maoda ovomerezedwa mgwirizano uli moyo, ejenti akhoza kutaya 15,000 chifukwa cha masiku ochepa amene pepala linakhala pa tebulo la munthu wina. Ndi chifukwa chake ejenti wosamala amasunga umboni wa tsiku ndi nthawi imene anatumizira oda iliyonse ya m'masabata omaliza, ndipo kampani yosamala imapewa kuchedwetsa maoda amenewa mwanjira yooneka ngati yadala, pakuti makhoti salola munthu kupindula ndi chinthu chimene iye mwini analepheretsa.

Oda yachitatu ndi imene imabweretsa milandu yambiri. Ejenti anatha miyezi 8 akukambirana ndi wogula wamkulu, anapita naye kukaona katundu, anakonza mitengo kangapo, koma oda ya 600,000 inafika pa 10 Julayi, ejenti watsopano atayamba kale ntchito ndi kumaliza zokambirana za masiku operekera katundu. Lamulo la ku Ulaya limapereka komishoni kwa ejenti wakale ngati malondawo achitika makamaka chifukwa cha khama lake la m'nthawi ya mgwirizano, ndiponso ngati achitika pasanapite nthawi yaitali mgwirizano utatha. Silitchula miyezi, chifukwa malonda a makina akuluakulu amatenga nthawi yosiyana ndi malonda a katundu wogulidwa sabata iliyonse. Limalolanso kuti komishoni igawidwe pakati pa ejenti wakale ndi watsopano ngati chilungamo chikufuna choncho, kuti kampani isalipire kawiri. Pa 30,000 ya oda iyi, mbali zingagwirizane kuti wakale atenge 20,000 ndipo watsopano 10,000, koma kugawa kotere kumayima pa umboni: makalata, mitengo yotumizidwa, malipoti a misonkhano. Njira yabwino yopewera mkanganowu ndi kulemba, tsiku lomaliza lisanafike, mndandanda wa ogula amene zokambirana zawo zili mkati, pamene zafika, ndi malire a miyezi imene oda ikabwera idzawerengedwa kuti ndi ya ejenti wakale. Mbali zonse zikasaina mndandandawu, funso lovuta lakuti ndani anabweretsa malonda limasanduka funso losavuta lakuti dzina lilipo kapena palibe.

Oda yachinayi ikuyenda mobwerera. Inali ya 200,000, ya mu Januwale, ndipo kampani inalipiriratu komishoni ya 10,000, koma malondawo anafa. Kampani ikufuna ndalamazo zibwerere. Funso lake ndi lakuti malonda anafa chifukwa cha ndani. Ngati wogula anagwa pa bizinesi ndipo sangalipire, komishoni imatha ndipo yolipiridwiratu imabwezedwa. Ngati wogula anachoka chifukwa kampani inalephera kupereka katundu pa nthawi yake kapena inapereka wolakwika, lamulo la ku Ulaya limati ufulu wa ejenti sutha, pakuti iye anachita mbali yake.

Zonsezi ejenti sangaziwerenge popanda kuona mabuku, chifukwa pambuyo pa 31 Meyi sadziwa oda imene yalowa kapena wogula amene walipira. Lamulo lomweli limamupatsa ufulu wolandira chikalata chosonyeza mmene komishoni yawerengedwera ndi wofunsa zolembedwa za m'mabuku a kampani zokhudza malonda ake, ndipo limati komishoni ilipidwe pasanadutse tsiku lomaliza la mwezi wotsatira chigawo cha miyezi itatu chimene inayenera kulipidwira. Kumene lamulo silipereka ufulu umenewu, ndi bwino kuulemba m'pangano losiyanirana, ndipo ngati kampani ikuopa kuonetsa zinsinsi zake kwa munthu amene mawa angakhale wopikisana naye, mabukuwo angaonedwe ndi wowerengera ndalama woima payekha.

Ogula amene atsalira kampani

Ogula amene ejenti anabweretsa adzapitiriza kugula chaka chamawa, koma komishoni ya maoda awo atsopano siidzabweranso kwa iye. M'mayiko ambiri otsatira malamulo ochokera ku zigamulo za makhoti, kumene kulibe lamulo lapadera la maejenti, nkhani imathera pomwepo pokhapokha mgwirizano utalonjeza kanthu. Ku Ulaya ejenti amalandira malipiro osiyanirana, ndipo pali njira ziwiri. Njira yochokera ku Germany imayang'ana phindu limene kampani ipitirize kupeza kwa ogula amene ejenti anabweretsa kapena kuwakulitsa, ndipo siingapitirire komishoni ya chaka chimodzi, powerengera pakatikati pa zaka 5 zomaliza kapena zaka zonse ngati sizinakwane 5. Ejenti wathu akanakhala kuti analandira 90,000, 110,000, 130,000 ndi 150,000 m'zaka zake 4, malire ake akanakhala 120,000, ndipo amenewa ndi malire chabe, osati ndalama zimene alandire ndithu. Njira yochokera ku France imalipira zimene ejenti wataya, ndipo makhoti a kumeneko kawirikawiri amapereka komishoni ya zaka ziwiri. Pa njira zonse ziwiri ejenti ayenera kudziwitsa kampani pasanathe chaka chimodzi mgwirizano utatha kuti akufuna malipirowa, apo ayi ufulu umatayika. Sapatsidwanso ngati anachotsedwa chifukwa cha kulakwa kwakukulu kololeza kuthetsa mgwirizano nthawi yomweyo, kapena ngati anachoka yekha popanda chifukwa chochokera ku kampani, ukalamba kapena matenda. Malipirowa amawerengedwa pa ntchito ya uejenti yokha, osati pa phindu la mabatire amene ankapikula, ngakhale makhoti a ku Germany nthawi zina amawafikitsa kwa opikula amene ankagwira ntchito ngati nthambi ya kampani ndipo anayenera kuisiyira ogula awo.

Kugwirana chikole

Kukhulupirirana kukatha, mbali iliyonse imagwira chimene ili nacho m'manja. Kampani imaimitsa komishoni kufikira katundu atabwerera, ejenti amatseka nyumba yosungiramo katundu kufikira komishoni italipidwa. Malamulo a mayiko ambiri amalola ejenti kugwira katundu wa kampani amene ali m'manja mwake ngati chikole cha ndalama zimene nthawi yake yolipidwa yakwana, koma mapangano ambiri amachotsa ufuluwu, ndipo kugwira sikutanthauza kugulitsa. Ejenti amene wagulitsa mabatire 188 a kampani kuti adzilipire, kapena wasunga ndalama zimene ogula anamupatsa m'malo mwa kampani, akhoza kuchoka pa udindo wa wodandaula n'kukhala woimbidwa mlandu. Kampani nayo ikachotsera pa komishoni ndalama zimene ikungoganiza kuti idzaluza, zosatsimikizika ndiponso zosaloledwa ndi mgwirizano, imakhala yaphwanya pangano ndipo ikhoza kulipira chiwongoladzanja.

Chimene chimamasula mfundo imeneyi ndi kulekanitsa ndalama zosatsutsidwa ndi zotsutsidwa. M'nkhani yathu palibe akukana 20,000 ya oda yoyamba, 58,000 ya mabatire ogulidwanso, ndi 9,100 ya mabatire 7 aja kuchotsera komishoni yake. Zimenezi zingalipidwe tsiku limene galimoto ikupakira katundu. Zotsutsidwa ndi 5,000 ya mabatire osalipiridwa, 600 ya mabatire osowa, 10,000 ya oda imene inafa, ndi gawo la oda yachitatu, ndipo zimenezi zingasungidwe kwa munthu wachitatu wodalirika, monga loya, kufikira mbali zitagwirizana kapena mkhalapakati wotchulidwa m'mgwirizano atagamula.

Pomaliza pamabwera pangano losiyanirana, ndipo kawirikawiri limakhala ndi mawu akuti ndalama zolipidwazo zathetsa madandaulo onse a mbali zonse ziwiri. Mawu amenewa ndi ofunika kwa kampani, chifukwa imafuna kutseka mabuku, ndiponso amateteza wogulitsa ku madandaulo obwera mochedwa. Koma akasainidwa pa 31 Meyi popanda kupatula kanthu, akhoza kumeza 15,000 ya oda yachiwiri imene katundu wake sanaperekedwe, gawo la oda yachitatu imene sinafike n'komwe, ndi malipiro osiyanirana kumene lamulo limawapereka. Choncho panganolo litchule maoda amenewa ndi manambala awo ndi mayina a ogula, linene kuti sali m'gulu la zothetsedwa, liike tsiku limene kampani idzatumize chikalata cha komishoni yawo, ndipo linene kuti mabatire 60 otsala ali ndi chitsimikizo cha kampani kufikira pa 30 Novembala, pamene miyezi 6 yogulitsira zotsala idzathere.